Kalata ya msungichuma: chifukwa chake zogawana kumapeto kwa chaka zimadalira chiwongoladzanja cha ngongole

Amayi ndi abambo, mamembala anzanga a banki m'khonde,

Chaka chilichonse tsiku logawana likayandikira, madandaulo amakhala omwewo. Wina akuti phindu lachepa, wina akuti m'buku muli ndalama zambiri kuposa zili m'bokosi, wina akuti iye ndiye anabwereka kwambiri koma walandira zofanana ndi amene sanabwerekepo. Ndalemba kalatayi kuti aliyense athe kufufuza yekha pamene pali vuto tisanafike pokwezerana mawu.

Mfundo yaikulu ndi iyi: bokosi silibereka ndalama. Ndalama imene yagona m'bokosi kuyambira January mpaka December imatuluka momwe inalowera. Phindu lonse limene timagawana limachokera m'matumba mwa mamembala amene anabwereka n'kubweza ndi chiwongoladzanja, kuphatikizapo tindalama tochepa ta chindapusa. Palibe gwero lina.

## Mmene timapezera mtengo wa sheya pogawana

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi m'kalata yonseyi. Manambala ndasankha osavuta kuwerengera, ndipo pa tsiku logawana mudzaikepo a m'buku mwathu.

Gulu lili ndi anthu 20, limakumana sabata iliyonse, sheya imodzi ndi K2,000, ndipo chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pamwezi, kutanthauza K10 pa K100 iliyonse. Pofika December zinthu zili chonchi:

- Masheya onse ogulidwa ndi 2,400, ndiye kuti ndalama zosunga ndi K4,800,000.
- Chiwongoladzanja chimene chinalowa m'bokosi ndi K1,140,000.
- Chindapusa cha kuchedwa ndi kujomba ndi K60,000.
- Zonse pamodzi m'thumba la ngongole ndi K6,000,000.

Tikagawa K6,000,000 ndi masheya 2,400, sheya imodzi ikubwera K2,500. Amene ali ndi masheya 120 anasunga K240,000 ndipo alandira K300,000. Phindu lake ndi K500 pa sheya iliyonse. Ndalama za thumba la zadzidzidzi, zija timasonkha zothandizana pa matenda ndi maliro, sizilowa m'masamu amenewa.

## Vuto loyamba: phindu lachepa kusiyana ndi mmene timayembekezera

Ili ndilo dandaulo lofala kwambiri, ndipo nthawi zambiri palibe amene waba kanthu. Zifukwa zake ndaziika kuyambira chimene chimachitika kawirikawiri.

1. Tinawerengera molakwika kuyambira pachiyambi

Ambiri amaganiza kuti popeza chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pamwezi, ndipo miyezi ndi 12, ndiye kuti K4,800,000 ibereka K5,760,000. Masamu amenewa akanakhala oona ndalama zonse zikanalowa tsiku limodzi mu January n'kukhala zili m'manja mwa obwereka mpaka tsiku lomaliza. Koma ife timasunga pang'onopang'ono.

M'chitsanzo chathu mumalowa K400,000 mwezi uliwonse. Ngati ngongole zonse ziyenera kukhala zitabwezedwa pofika kumapeto kwa November, ndalama ya January ingagwire ntchito miyezi 10, ya February miyezi 9, ya March miyezi 8, kumatsika chomwecho mpaka ya October imene ingagwire mwezi umodzi wokha. Ya November ndi ya December sibwerekedwa n'komwe. Mukaphatikiza miyezi yonseyi ikukwana 55, ndipo K400,000 imabweretsa K40,000 pamwezi. Choncho ngakhale kwacha iliyonse itabwerekedwa osagona m'bokosi ngakhale sabata imodzi, chiwongoladzanja chingafike K2,200,000. Chingakwereko chifukwa chiwongoladzanja chimene chalowa timachibwereketsanso, koma sichingayandikire K5,760,000.

Chofunika kuchita: musanadandaule, chitani masamu omwewa ndi manambala a gulu lathu kuti mudziwe malire a zimene zikanatheka. Kenako yerekezani ndi zimene zapezeka. Ngati pali mpata waukulu, monga pakati pa K2,200,000 ndi K1,140,000, pitani pa zifukwa zotsatirazi.

2. Ndalama zimagona m'bokosi

Tsegulani buku la mlembi ndipo muyang'ane nambala ya ndalama zotsala m'thumba la ngongole pakutha pa msonkhano uliwonse wobwereketsa. Nambala imeneyi owerenga ndalama amailengeza bokosi lisanatsekedwe. Ngati K500,000 inatsala mwezi wathunthu, gulu linataya K50,000. Ngati zinatero miyezi isanu ndi umodzi, gulu linataya K300,000, zomwe ndi K125 pa sheya iliyonse.

Zimenezi zimakonda kuchitika nthawi yokolola ikangotha. Anthu agulitsa chimanga, mtedza, soya kapena fodya, aliyense akugula masheya asanu pa msonkhano, koma ofuna kubwereka ndi ochepa chifukwa ndalama ali nazo. Pamene anthu akufuna ngongole kwambiri, nthawi ya feteleza ndi mbewu, m'pamene gulu logawana mu December lasiya kubwereketsa.

Zothandiza:

- Mwezi uliwonse mlembi alengeze ndalama zimene zatsala zosabwerekedwa, kuti nkhaniyi isadzatidzidzimutse kumapeto.
- Ofuna ngongole anene sabata imodzi tsiku lobwereketsa lisanafike, kuti tidziwe ngati ndalama zitsala kapena zichepa.
- Ngati ndalama zikutsala miyezi iwiri motsatizana, chiwongoladzanja chathu mwina chakwera kuposa phindu la mabizinesi a mamembala. Kubwereketsa K1,000,000 pa 10 peresenti kumabweretsa K100,000, pomwe kubwereketsa K400,000 yokha pa 20 peresenti kumabweretsa K80,000.
- Pokonza malamulo a chaka chamawa, kambiranani mwezi wogawana. Magulu ena amagawana mu October kuti ndalamazo zigulire feteleza, n'kuyambanso pomwepo.

Pali njira ziwiri zimene magulu amathamangira pamenepa, ndipo ine sindigwirizana nazo. Yoyamba ndi kukakamiza membala aliyense kubwereka, kapena kumulipiritsa chiwongoladzanja ngakhale sanabwereke. Munthu amene alibe bizinesi akatenga K100,000 mokakamizidwa, amaidya kapena kuisunga kunyumba, ndipo K10,000 ya mwezi uliwonse amaichotsa pa ndalama ya ndiwo. Pa tsiku logawana nambala imaoneka yaikulu, koma munthuyo akungolandira ndalama yake yomwe, ndipo ngongole zokakamiza zotere n'zimene zimavuta kubweza. Yachiwiri ndi kubwereketsa anthu akunja kwa gulu. Membala akalephera kubweza tili ndi masheya ake. Wakunja alibe sheya, sanasaine malamulo athu, ndipo akasamuka ndalama yapita.

3. Ngongole zinachedwa koma chiwongoladzanja sichinawonjezeke

Ngongole ya K150,000 ya miyezi itatu imabweretsa K15,000 mwezi uliwonse, pamodzi K45,000. Ngati munthu anabweza patatha miyezi isanu koma analipira K45,000 yomweyo, gulu linataya K30,000, ndipo wina amene akanabwereka ndalamayo miyezi iwiri imeneyo anabwerera chimanjamanja.

Fufuzani pa tsamba la ngongole m'pasibuku ya aliyense. Werengani miyezi kuchokera tsiku lobwereka kufika tsiku lomaliza kubweza, ndipo muone ngati mwezi uliwonse uli ndi chiwongoladzanja chake.

Onetsetsaninso kuti mlembi akutsata njira imodzi kwa anthu onse. Ngati chiwongoladzanja timachiwerengera pa ndalama yonse imene munthu anatenga, K150,000 ija imabweretsa K45,000. Ngati timachiwerengera pa ngongole yotsala, ndipo munthuyo akubweza K50,000 mwezi uliwonse, alipira K15,000, kenako K10,000, kenako K5,000, pamodzi K30,000. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, koma malamulo a gulu anene imodzi.

4. Tinatapa m'thumba la ngongole pogula zina

Zitenje za yunifolomu, zakudya za phwando logawana, mabuku atsopano, thiransipoti ya mlangizi: ngati zinachokera m'thumba la ngongole, zachepetsa phindu. K120,000 ya phwando ndi K50 pa sheya iliyonse. Zinthu zotere zikhale ndi msonkhamsonkha wake.

## Vuto lachiwiri: m'buku muli ndalama zambiri, m'bokosi muli zochepa

Lamulo pano ndi limodzi: timagawana ndalama zimene owerenga ndalama awerenga pamaso pa gulu, osati zimene buku likunena kuti tikanakhala nazo.

1. Pali ngongole zimene sizinabwezedwe

Ichi ndicho chifukwa chofala. Lembani mayina a onse amene ali ndi ngongole, ndalama imene yatsala kwa aliyense pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndi masheya ake. Mukaphatikiza ngongole zonsezo ndi ndalama za m'bokosi, zikuyenera kufanana ndi za m'buku. Zikafanana, ndalama sizinasowe, zili kwa anthu.

Ngati masheya a munthu akuposa ngongole yake, vutoli limatha tsiku lomwelo. Tiyerekeze kuti membala ali ndi masheya 150, omwe ndi K300,000, ndipo watsala ndi ngongole ya K220,000. M'bokosi muli K5,780,000 m'malo mwa K6,000,000. Pali njira ziwiri zowerengera:

- Kufafaniza masheya. Timamuchotsera masheya 110, chifukwa 110 kuchulukitsa ndi K2,000 ndi K220,000. Amatsala ndi 40, ndipo masheya a gulu lonse amatsala 2,290. K5,780,000 tikaigawa ndi 2,290, sheya ikubwera K2,524. Iye alandira K100,960.
- Kudula pa zimene akanalandira. Timawerenga ngati wabweza, sheya ikhalabe K2,500, gawo lake ndi K375,000, ndipo tikachotsa K220,000 alandira K155,000.

Kusiyana kwake ndi K54,040, ndalama yokwanira kudanitsa anthu. Njira yoyamba imamulanda phindu la masheya amene afafanizidwa n'kulipereka kwa amene anabweza pa nthawi yake, ndipo ine ndimaikonda chifukwa imachititsa anthu kuyesetsa kubweza tsiku lisanafike. Koma njira yoyenera kutsata ndi imene inalembedwa m'malamulo chaka chikuyamba. Musasankhe njira pa tsiku logawana mutadziwa kale amene imupweteke.

Zinthu zimavuta ngongole ikaposa masheya. Membala wa masheya 100, omwe ndi K200,000, akalephera kubweza K500,000, timafafaniza masheya ake onse koma K300,000 imatsalabe. M'bokosi muli K5,500,000, masheya otsala ndi 2,300, ndipo sheya yatsika kufika K2,391. Aliyense wataya K109 pa sheya, ndipo wa masheya 200 wataya K21,800 chifukwa cha ngongole ya munthu mmodzi.

N'chifukwa chake njira ya banki m'khonde, imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991, imaika malire akuti munthu asabwereke kuposa katatu ka ndalama zimene wasunga. Koma taonani, K500,000 ija sinadutse malire amenewo, chifukwa katatu ka K200,000 ndi K600,000. Malire a katatu amachepetsa chiopsezo, sachichotsa. Miyezi itatu yomaliza ndi bwino kutsitsa malirewo, munthu azibwereka zosaposa masheya ake.

Zoyenera kuchita pa K300,000 yotsalayo:

- Gawanani zimene zilipo pa sheya ya K2,391. Osabwereka kwina kuti mutseke dzenjelo.
- Wangongoleyo alembe kalata yovomera ngongole, yonena ndalama ndi masiku obwezera, ndipo asaine pamaso pa mboni.
- Sungani mndandanda wa masheya a chaka chino. Ndalamayo ikadzabwezedwa ndi ya anthu amene anali m'gulu chaka chino, molingana ndi masheya awo, osati ya chaka chamawa.

2. Chiwongoladzanja chinalembedwa koma sichinalipidwe

Munthu akalephera kulipira K20,000 ya mwezi uno pa ngongole ya K200,000, mlembi amaiwonjezera pa ngongole, n'kukhala K220,000, mwezi wotsatira K242,000. Kulemba kotero si kulakwa. Kulakwa kumabwera pamene K20,000 ija yalembedwanso ku mbali ya phindu ngati kuti yalowa. Buku limaonetsa gulu likulemera pomwe m'bokosi simunalowe kanthu.

Yang'anani ngongole zimene nambala yake ikukwera mwezi ndi mwezi m'malo motsika. Ngongole yokwera miyezi iwiri motsatizana ikambidwe pa msonkhano nthawi yomweyo. Mlembi akhale ndi mizere iwiri yosiyana, wa chiwongoladzanja choyembekezeka ndi wa chimene chalandiridwa, ndipo gulu lizimva nambala ya mzere wachiwiri.

3. Zidindo ndi buku sizikugwirizana

Chidindo chimodzi m'pasibuku ndi sheya imodzi. Chikadindidwa kawiri molakwitsa, kapena munthu akapereka K6,000 n'kudindiridwa zinayi, masheya amachuluka kuposa ndalama. Sonkhanitsani mapasibuku onse, anthu awiri awerenge zidindo aliyense payekha, ndipo zotsatira zawo zifanane ndi za m'buku la mlembi. Onaninso ngati mabokosi a m'pasibuku osadinda pa mzere wa sabata iliyonse anakhwatchidwa. Bokosi losiyidwa lopanda kanthu lingadindidwe tsiku lina.

4. Ndalama zinaperekedwa kunja kwa msonkhano

Wina anapatsira msungichuma kumsika, wina anatuma mwana kwa wapampando, wina anatumiza pafoni. Ndalama zotere zimaiwalika, kapena zimalembedwa m'pasibuku koma osafika m'bokosi. Za pafoni zili ndi vuto linanso: potapa kwa ejenti pamakhala ndalama yodulidwa, ndipo ngati wotumiza sanaonjezere yotapira, m'bokosi mumalowa zoperewera pomwe m'buku mwalembedwa zonse.

Yerekezani mauthenga a pafoni ndi masiku a m'buku. Kuyambira pano, ngongole iwerengedwe kuti yabwezedwa pokhapokha owerenga ndalama aiwerenga gulu likuona. Ine ndemwe musandipatse ndalama panjira, ngakhale mutandikhulupirira chotani.

5. Matumba awiri anasakanikirana

Pa maliro kapena matenda, thumba la zadzidzidzi likaperewera, gulu limatha kutapa m'thumba la ngongole n'kuiwala kubwezera. Werengani matumba onse awiri. Ngati kuperewera kwa thumba limodzi kukufanana ndi kuchuluka kwa linalo, vuto mwalipeza.

6. Ndalama zabedwa

Izi n'zimene anthu amayamba kuganiza, koma zikhale zomaliza kufufuza, zina zonse zikalephera kufotokoza kuperewerako. Zizindikiro zake ndi izi: ndalama zopezeka potsegula bokosi zikusiyana ndi zimene zinalengezedwa potseka msonkhano wapita, makiyi a maloko atatu anakhalapo m'manja mwa munthu mmodzi, m'buku muli ngongole ya munthu amene akukana kuti sanabwereke, kapena masamba ang'ambidwa. Mukaona chimodzi mwa izi, lekani kugawana ndipo werengani gawo lomaliza la kalatayi.

## Vuto lachitatu: ine ndinalipira chiwongoladzanja chambiri, koma ndalandira zofanana ndi amene sanabwereke

Dandaulo ili ndi lomveka, ndipo si kulakwitsa kwa masamu. Tengani anthu awiri, aliyense ali ndi masheya 120. Woyamba anabwereka kangapo ndipo analipira chiwongoladzanja cha K90,000 chaka chonse. Wachiwiri sanabwerekepo. Onse alandira K300,000, phindu la K60,000 aliyense.

Chifukwa chake n'chakuti chiwongoladzanja chikalowa m'bokosi chimakhala cha gulu, ndipo timachigawa potengera masheya. Wobwereka uja anagwiritsa ntchito ndalama za anzake pa bizinesi yake, ndipo phindu la tomato kapena kaunjika wake sanagawane ndi wina. Wosabwerekayo ndalama yake inali m'manja mwa ena chaka chonse, ndipo wina akanalephera kubweza nayenso akanataya. Awiriwa amafunana: popanda wosunga palibe chobwereka, popanda wobwereka palibe phindu.

Komabe magulu ena amagawa mwanjira ina, yobwezera obwereka gawo la chiwongoladzanja chimene analipira. Ngati gulu lagwirizana kubweza theka, masamu amayenda chonchi:

- Theka la K1,140,000 ndi K570,000, ndipo limabwerera kwa amene analipira, aliyense theka la zimene anapereka.
- Theka linalo pamodzi ndi chindapusa ndi K630,000, ndipo likagawidwa ndi masheya 2,400 likupereka K262.50 pa sheya.
- Wobwereka uja alandira K271,500 ya masheya ndi K45,000 yobwezeredwa, pamodzi K316,500.
- Wosabwereka alandira K271,500.

Njira imeneyi imalimbikitsa anthu kubwereka, koma imafuna kuti mlembi azilemba chiwongoladzanja cha munthu aliyense payekha chaka chonse osaphonya, ndipo imachepetsa chidwi cha anthu amene amasunga zambiri. Ngati mukuifuna, tiikambirane pokonza malamulo a chaka chamawa. Chaka chino tigawana momwe tinagwirizanirana.

## Vuto lachinayi: masheya athu ndi ofanana koma talandira zosiyana

Ili silichedwa kutha. Fufuzani motsatira ndondomeko iyi:

- Mmodzi anadulidwa ngongole, chindapusa kapena ndalama ya thumba la zadzidzidzi imene anali asanalipire. Mlembi aonetse zodulidwazo.
- Mmodzi anatapako masheya ake pakati pa chaka ndipo zidindo zina zinakhwatchidwa. Werengani zosakhwatchidwa zokha.
- Pochulukitsa panalakwika. Chulukitsaninso masheya ndi mtengo wa sheya, anthu awiri pa mafoni awiri.

Palinso dandaulo lina logwirizana ndi ili: wina anagula masheya ake ambiri mu February, mnzake mu November, koma sheya zawo zalandira phindu lofanana, chonsecho ya November sinabwerekedwe n'komwe. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake pali malire a masheya asanu pa msonkhano umodzi. Malirewo amaletsa munthu kubwera ndi K500,000 sabata yomaliza n'kudya phindu limene ndalama za ena zinapanga. Ngati gulu linalola wina kudutsa malirewo, kapena kugula masheya a masabata amene anajomba onse nthawi imodzi kumapeto, sheya ya aliyense yatsika. Masheya 250 owonjezera olowa mu December angatsitse sheya kuchoka pa K2,500 kufika pa K2,453.

## Vuto lachisanu: gulu la kutsidya lagawana zambiri kuposa ife

Musayerekeze ndalama zimene munthu wanyamula, chifukwa sheya yawo mwina ndi K5,000. Funsani kuti K1,000 iliyonse yosunga yabereka zingati. M'chitsanzo chathu yabereka K250. Ngati kwawo yabereka zambiri, kawirikawiri n'chifukwa chakuti chiwongoladzanja chawo ndi 20 peresenti, kapena amakakamizana kubwereka, kapena amabwereketsa akunja, kapena aphatikiza thumba la zadzidzidzi pogawana. Pa ziwiri zoyambazo, ndalama zowonjezerazo zinachoka m'matumba mwa mamembala omwewo. Funso labwino kwa membala wa kumeneko ndi lakuti analipira chiwongoladzanja chochuluka bwanji kuti alandire zimene walandirazo.

## Ndondomeko ya masabata omaliza

- Kutatsala masabata 12: ngongole yomaliza ya miyezi itatu ituluke. Zotsatira zikhale zazifupi.
- Kutatsala masabata 8: mlembi awerenge pagulu ngongole ya aliyense ndi masheya ake. Amene ngongole yake ikuposa masheya anene mmene abwezere.
- Kutatsala masabata 4: kubwereketsa kutsekedwe.
- Kutatsala sabata imodzi: mapasibuku onse awerengedwe ndi kugwirizanitsidwa ndi buku. Mkangano uliwonse wa zidindo uthere pamenepa.
- Pa tsiku logawana: tiwerenge ndalama poyamba, kenako masheya, kenako tilengeze mtengo wa sheya. Ndalama ya aliyense iikidwe m'pasibuku yake, ndipo wina asanyamule yake mpaka onse 20 aikiridwa. Ngati yomaliza yaperewera, tibwereze masamu ndalama zonse zikadali pamphasa.

## Nthawi yoleka ndi kuitana thandizo

Zambiri mwa zimene ndalembazi gulu lingathe kuzikonza lokha. Koma lekani kugawana, tsekani bokosi ndi maloko onse atatu, lembani ndalama zimene zilimo ndipo a komiti onse asaine, ngati mwaona chimodzi mwa izi:

- Mwawerenga kawiri, mwaphatikiza ngongole zonse, koma ndalama zikuperewerabe ndipo palibe amene akudziwa chifukwa. Itanani mlangizi amene anaphunzitsa gulu, kapena mlangizi wa zachitukuko wa m'dera lathu, adzawerenge mabuku kuyambira msonkhano woyamba.
- Malamulo athu sakunena kanthu pa nkhani imene tikukangana, monga njira yodulira ngongole, ndipo mbali ziwiri zakanika kugwirizana. Mlangizi atsogolere zokambirana, osati wa komiti amene nkhaniyo ikumukhudza.
- Wa komiti ndi mmodzi mwa amene alephera kubweza. Asakhale nawo powerengera ngongole yake.
- Wangongole akukana ngongole, kapena wakana kusaina kalata yovomera. Nkhani ipite kwa amfumu, ndipo ikakanika kumeneko, ku khoti la majisitireti. Tengani pasibuku, buku la mlembi ndi malamulo amene iye anasaina.
- Membala wamwalira ali ndi ngongole kapena masheya. Tsatirani zimene malamulo akunena za wolandira m'malo mwake, ndipo kambiranani ndi akubanja pamaso pa amfumu.
- Loko yathyoledwa, bokosi lasowa, kapena pali umboni woti wina anasintha manambala m'buku. Kanene kupolisi tsiku lomwelo, ndipo mabuku asakhudzidwenso.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti tisapite gulu kunyumba kwa wangongole kukazula malata kapena kutenga mbuzi ndi ziwiya. Ngakhale ngongoleyo ndi yoona, kulanda katundu mwa mphamvu kungatisandutse ife olakwa pamaso pa lamulo, ndipo katundu wa pakhomo nthawi zambiri si wa munthu mmodzi. Ngati panali chikole chimene analemba pobwereka, chiperekedwe pamaso pa amfumu ndi mboni, ndipo mtengo wake ugwirizanidwe chisanagulitsidwe.

Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi pasibuku yake, ndipo amene ali ndi ngongole abwere atadziwa tsiku limene amalize kubweza. Mlembi adzawerenga ndalama zimene zinatsala m'bokosi mwezi uliwonse kuyambira January, kuti tonse tidziwiretu mtengo wa sheya umene tingayembekezere.

Ine wanu,
Msungichuma